Pampu ya kwa Apongozi ku Chirimba

Gracian atafika kunyumba Loweruka masana, kuchokera ku sitolo ya mmwenye ku Blantyre kumene ankalemba katundu, anapeza pampu itasanduka milumilu ya zitsulo pamphasa. Apongozi ake aamuna, a Bennet, anali atakhala pambali pake, sipanala m'manja, nkhope ili ndwii ngati munthu amene wapha mbuzi ya eni molakwitsa.

"Mwabwera, mkamwini? Chinthu chanu chija ndi ichi."

Mawu akuti "chanu" anamulowa Gracian mpaka m'mafupa, pakuti analidi oona. Masiku amenewo, nkhondo ya Jeremani itatha, fodya anali atayamba kulemeretsa anthu akuda angapo ozungulira Blantyre. Mzungu wina wa esiteti akubwerera kwawo, Gracian ndi amene ananyengerera apongozi ake kuti agule pampu yake yamanja. Anaiimika pa mitanda pamwamba pa chitsime cha m'dimba ku Chirimba, ndipo madzi ankayenda okha m'nsungwi zong'amba mpaka kukafika ku mabedi a mbande za fodya. Podalira pampuyo anafesa mabedi ochuluka kuposa amene akanatha kuthirira ndi mitsuko. Tsono uwu unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo pampu inali itasiya kutulutsa madzi.

Gracian anali mkamwini pamudzipo. Dimba, munda ndi malo a nyumba zinali za apongozi ake aakazi, a Nankhoma, ndipo mwini mbumba anali mlongo wawo, a Pearson. A Pearson anali atanena kale poyera kuti mbande zikafa chifukwa cha nzeru za m'mabuku, mwini nzeruzo adzanyamule mabuku ake abwerere kwawo, koma mkazi wake Felicia ndi khanda lawo Mildred adzatsala. A Bennet nawonso anali mkamwini, kungoti wokalamba, ndipo palibe munthu wouma mtima kwa mkamwini kuposa mkamwini mnzake amene wakhalitsa.

Pampu ija inabwera ndi kabuku ka Chingerezi, ndipo pamudzi ponse wotha kukawerenga anali Gracian yekha. Anakatenga m'bokosi la zovala, nakhala pachitsa. Chakumapeto kwake kunali tsamba lojambulidwa mizere ngati mabedi a m'dimba momwemo. Kumanzere analembako zimene pampu ikuchita, pakati chimene chingakhale chitayambitsa, kumanja chimene munthu achite. Mzere woyamba unkanena za mkono wa pampu ukamapepuka, madzi osabwera. Wachiwiri unkanena za madzi obwerera pansi munthu akangopuma. Wachitatu, madzi otuluka molavulalavula ndi thovu. Wachinayi, mkono wolimba umene umadumphira m'mwamba ukausiya.

Mtima wa Gracian unakhala pansi pang'ono. Nkhani yake inali yapafupi: kudziwa mzere, basi.

"Bambo, isanafe inkatani?"

"Inkatunga madzi," anayankha a Bennet.

"Ndikutanthauza tsiku limene inasiya. Mkono unali wopepuka kapena wolimba?"

"Ine ndikadziwa bwanji? Ndinali ku maliro ku Ndirande. Amene ankapopa ndi apongozi anu aakazi. Ine nditabwera ndinangomva kuti yafa, ndiye ndinati ndione m'mimba mwake."

Apa ndi pamene panagona vuto. Chikwatirire, Gracian ndi a Nankhoma anali asanayang'anane kumaso kapena kulankhulana. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire, winayo n'kuyang'ana kumbali mpaka mnzake atadutsa. Ndiwo unali ulemu wake, ndipo onse awiri ankausunga bwino kwambiri. Mzungu amene analemba kabuku kaja sanaganizeko zoti munthu wodziwa matenda a pampu angakhale munthu woti sungamufunse.

Gracian anaitana mkazi wake. A Nankhoma anali kuseri kwa mpanda wa bango, akupeta chimanga, ndipo Felicia anaima pakhomo pa mpanda, khutu limodzi uku, lina uko.

"Amake Mildred, tawafunseni amayi. Kodi mkono unkapepuka?"

Felicia analowa, panamveka manong'onong'o, kenaka anatuluka. "Akuti eya."

Gracian anaika chala pa mzere woyamba. Koma poti anali munthu wa kusukulu, anafuna kutsimikiza. "Tawafunseninso. Sunali wolimba?"

Felicia analowanso. "Akuti eya, unali wolimba."

"Wopepuka komanso wolimba?"

"Akuti mmene mukuonera inuyo, poti ndinu mwini buku."

"Nanga madzi ankatuluka ndi thovu?"

"Akuti mwina."

"Ankabwerera pansi?"

"Akuti dzino likuwapweteka, musawalankhulitse kwambiri."

Gracian anayang'ana tsamba lija kakasi. Zala zake zinayi zinali pa mizere yonse inayi. Anakwiya, koma mkwiyo wa mkamwini umathera m'mimba. A Bennet anatsokomola n'kunena kuti iwo amaganiza kuti buku limadziwa lokha, osati kuchita kufunsa akazi.

Panalibe kuchitira mwina koma kuimanganso pampu kuti inene yokha matenda ake. Anagwira ntchitoyo awiriwiri, uku akutsutsana za kabawuti kalikonse. M'kati mwa pampu yotere mumayenda chitsulo chokwera ndi kutsika, chovala chikopa chooneka ngati kambale. Chikopacho chikathina bwino m'mbali, chimakoka mpweya wa m'paipi, ndipo madzi amatsatira. Pansi pake pamakhala kachitseko kachikopa koletsa madzi kubwerera. Gracian atatola kambale kaja anaona kuti n'kouma gwa, kopindika m'mphepete, ndiponso kong'aluka.

"Kanali konona mafuta, kakuda bii," anafotokoza a Bennet monyadira. "Ndinakatsuka ndi phulusa, n'kukayanika padzuwa."

Gracian anamanga zonse, nathira madzi pamwamba monga kabuku kankanenera, n'kuyamba kupopa. Mkono unkangoyenda pululu, wopanda mphamvu iliyonse, ndipo madzi amene anathira aja anangoguguda m'katimo. Mzere woyamba ndithu. Anawerenga mokweza, akumasulira: ngati mwathira madzi pamwamba koma mkono ukupepukabe, chikopa chatha, ikani china.

"Mwaona, chikopa chinali chitatha kale," anatero a Bennet.

Gracian sanadziwe. Kodi chikopa ndi chimene chinapha pampu, kapena chinafa pampu itafa kale? Kodi ankachiza matenda akale kapena atsopano? Funsoli linkamuzungulira m'mutu, koma tsamba linali litalankhula, ndipo iye anali atauza mudzi wonse kuti tsamba silinama.

Chikopa china panalibe. M'mawa mwake, atangotuluka m'tchalitchi, Gracian anauyatsa wapansi ulendo wa ku Limbe, kwa Alidi, Myao wosoka nsapato ndi zishalo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni ya sitima. Alidi anatembenuza kambale kaja, nakanunkhiza.

"Amene anachapa ichi ndani, achimwene? Ameneyo akhoza kuchapa ndi nkhuku yomwe."

Anadula chikopa cha ng'ombe chochindikala, nachiviika m'madzi ofunda mpaka kufewa, n'kuchikanikizira ndi mtengo wobulungira m'chibowo cha thabwa kuti chitenge maonekedwe a kambale. Kenaka anachiika pamthunzi.

"Mubwere mawa."

"Mawa? Mbande zikufa!"

"Ndikachichotsa chisanaume chibwerera mwakale. Padzuwa ching'aluka. Mukufuna chikopa kapena mukufuna kudzabweranso?"

Gracian anagona kwa mnzake wogwira ntchito ku njanji, natumiza mawu kwa mmwenye wake kuti akudwala malungo. Kutacha Alidi anasenga m'mphepete mwa kambale, napaka mafuta a ng'ombe, namupatsanso kachitseko katsopano ka pansi. Pamene Gracian ankafika ku Chirimba dzuwa linali pamutu. Anadzera kudimba. Felicia ndi akazi ena anali akutsika ndi kukwera makwerero a nsungwi a m'chitsime, mitsuko pamutu, koma madzi awo ankangokwanira mabedi apafupi. Akutali aja anali atagona, timasamba titapsa ngati tawazidwa madzi otentha. Pansi pa mtengo wa mango panali a Pearson, atakhala pampando wawo wopinda umene ankayenda nawo pokaweruza nkhani za mbumba.

"Tamva kuti mankhwala abwera," anatero a Pearson. "Tabwera kudzaona ndi maso."

Gracian anaviika chikopa chatsopano m'madzi kuti chifufume, nachimanga. Anathira madzi pamwamba, nadikira pang'ono, n'kugwira mkono. Ulendo woyamba unapepuka. Wachiwiri unayamba kugwira. Wachitatu unalimba.

"Yagwira!" anafuula a Bennet. "Mukuimva mphamvu? Kanikizani, mkamwini!"

Anakanikiza. Mkono unkalimbiralimbira ngati pansi pali munthu amene akukoka, koma kukamwa kwa pampu kunali gwa, ngakhale dontho. Gracian sanamvetse. Chikopa chatsopano, kachitseko katsopano, zonse monga mwa buku, nanga madzi ali kuti? Anaunjikira thupi lonse pa mkonowo mpaka kuufikitsa pansi, nawerama kuti asuzumire kukamwa kwa pampu. Dzanja lake la thukuta linaterereka. Chitsulo chija chinadumpha n'kumumenya pachibwano, phaa! Anapezeka atakhala pansi m'matope, akuona nyenyezi masanasana.

Akazi anakuwa. Felicia anataya mtsuko n'kumuthamangira, namugwira mutu. Atayang'ana pamene panayamba kutupa, anatulutsa mawu asanaganize.

"Mayo ine, pomwepa! Pomwe atupa amayi!"

"Amayi atupa?"

"Chibwano chonse. Si paja ndinati dzino? Amanga nsalu kumaso chiyambire tsiku lomwe pampu inafa."

Felicia ananena izi motsitsa, moti a Pearson ndi a Bennet, amene anali kalikiliki kukangana ngati pampu yalodzedwa, sanamve. Gracian anagwira chibwano chake. Mudzi wonse unkaona nkhope ya a Nankhoma tsiku ndi tsiku, kupatula munthu mmodzi yekha amene akanaiwerenga. Anakwawira pamene panagwera kabuku, natsegula tsamba lija, chala chake n'kutsetserekera pa mzere wachinayi. Mkono wolimba, wodumphira m'mwamba. Pakati analembapo zinthu ziwiri: madzi atsika kwambiri kuposa pamene pampu ingakoke, kapena paipi yatsekeka kunsi kwake. Pampu inkakoka ndithu, koma chokoka panalibe, n'chifukwa chake inkabweza mkono.

Tsono chikopa chija sichinali matenda oyamba. Ulendo wonse wa ku Limbe unali wochiza bala limene a Bennet anapanga ndi phulusa lawo. Gracian anafuna kuseka, anafunanso kulira, koma chibwano sichinalole chilichonse.

"Likuti chiyani tsopano buku lanu?" anafunsa a Pearson.

"Likuti mwina madzi atsika kwambiri."

"Ndiye kuti chitsime chathu n'cholakwa?"

"Iyayi, atsibweni. Pampu iyi imakoka ngakhale pa msinkhu wa anthu atatu. Apa mpovuta kukwana awiri. Likutinso mwina paipi yatsekeka."

"Mwina, mwina," anatero a Bennet. "Dzana linati chikopa. Lero likuti paipi. Mawa lidzati mtengo wa mango. Kunsi kwa paipi kuli kasefa kachitsulo, ndinakamanga ndekha. Kangatsekeke ndi chiyani, ng'ona?"

Gracian anavula malaya, natsika makwerero. Pansi panali pozizira, madzi ofika m'chiuno, akuda chifukwa cha kuvundulidwa ndi mitsuko. Anatsata paipi ndi manja, akuwerama mpaka madzi kumufika m'khosi. Ankayembekeza kugwira timabowo ta kasefa. M'malo mwake anagwira chinthu choterera, chofufuma ngati mtolo, chomangidwa ndi luzi mozungulira kangapo. Anakanda ndi chikhadabo. Pansi pa matope panali nsalu, yopindidwa pawiri kapena patatu, ndipo inali itamatirira pa kasefa moti ngakhale chala sichikanalowa.

Anamasula luzi m'madzi momwemo, naitsukuluza nsaluyo, n'kuikweza pang'ono pamene mthunzi wa mitanda unkamubisa kwa anthu a pamwamba. Inali yabuluu ya timadontho toyera. Anaidziwa nthawi yomweyo, pakuti anaiyeza yekha pa tebulo la mmwenye. Chinali chidutswa cha chilundu chimene anagulira a Nankhoma chaka chimene anakwatira, chimene iwo ankachivala pa Khirisimasi pokha.

Mutu wake unaima. Munthu angang'ambirenji nsalu yake yabwino n'kukaimanga pansi pa chitsime? Kodi n'kutsirika? Kodi n'kufuna kuti iye achoke? Kenaka anakumbukira kuti masabata apitawo Mildred anatsegula m'mimba mpaka maso kulowa, ndipo Felicia ananena kuti amayi ake akudandaula ndi tizilombo tofiira timene tinkatuluka ndi madzi a pampu. Kale, potunga ndi chikho, a Nankhoma ankasefa madzi ndi kansalu pakamwa pa mtsuko. Tsono anangochita zomwezo, koma anakasefera kumene madzi amalowera. Mayi wamkulu ngati uja anatsika yekha makwerero awa, amuna kulibe, chifukwa cha mwana wa Gracian. Nsalu ija inagwira ntchito yake mokhulupirika, kugwira dothi lililonse mpaka kudzitseka.

"Mwapeza chiyani kumeneko?" mawu a a Pearson anamveka kuchokera pamwamba.

Gracian anaima m'madzi, nsalu m'manja. Akanati aikweze m'mwamba, nkhani yake ikanathera pomwepo. Koma mkamwini wanji amene amayanika apongozi ake pamaso pa mlongo wawo, mwamuna wawo ndi akazi a mudzi wonse? Anaifinya, naikankhira m'thumba la kabudula.

"Matope, atsibweni. Matope anamata kasefa."

Atakwera anathiranso madzi pamwamba n'kupopa. Mkono unagwira bwino, osalimba osapepuka. Pampu inakhosomola, inalavula madzi ofiira, kenaka inatulutsa madzi odzaza kukamwa, amene anathamanga m'nsungwi mpaka kumabedi. Akazi analulutira. Felicia anagwada n'kumwa ndi manja, misozi ili mbwembwembwe. Koma madziwo atafika ku mabedi akutali anangonyowetsa mitembo. Mbande zoposa theka zinali zitapita.

A Pearson anayendera mabedi onse, manja kumbuyo, nabwerera kumudzi. Dzuwa litapendeka anaitanitsa Gracian pabwalo la nyumba ya a Bennet, pafupi ndi mpanda wa bango uja. Gracian anakhala pansi, kabudula akadali wonyowa, chibwano chili ngati wabisa mango m'kamwa.

"Mkamwini, ine sindinapite kusukulu, ndiye mundithandize," anayamba a Pearson. "Matenda anali matope?"

"Inde, atsibweni."

"Matope amene anali pansi pa mphuno zathu masiku onsewa?"

"Inde."

"Ndiye buku lanu linakutumizani ku Limbe kukatani?"

Gracian anatsegula pakamwa. Akanena za phulusa, anyoza apongozi aamuna. Akanena za mayankho a kuseri kwa mpanda, anyoza apongozi aakazi. Akati buku linalakwa, wadzipha yekha, komanso likhala bodza, chifukwa tsamba lija linayankha bwinobwino funso lililonse limene linafunsidwa. Iye mwini sankadziwanso kuti wolakwa ndani. Anatseka pakamwa.

"Ine ndinanena," analowererapo a Bennet, amene anali atapeza mpata wobisa phulusa lawo. "Chipanda buku, ndikanatsika m'chitsime tsiku loyamba lomwe."

"Tinapangana," anatero a Pearson, mawu awo ali ofatsa. "Sindikuthamangitsani ngati galu. Mugone, mawa mutsanzike bwino. Tikatumiza mawu kwa ankhoswe anu."

Felicia, amene anakhala chapatali ndi mwana kumsana, anayamba kusisima. Gracian anamva thumba lake likuzizira pantchafu. Dzanja linapita lokha pamenepo, linagwira, n'kubwerera pabondo. Mantha anamugwira, mantha enieni oti mwana wake adzakula akumutcha mlendo, komabe sanatulutse kanthu.

"Ndamva, atsibweni."

Kuseri kwa mpanda, lichero la a Nankhoma limene linkamveka nthawi yonseyi linasiya kulira. Bango la pakhomo linagwedera. A Nankhoma anatuluka, nsalu ya kumaso atachotsa, chibwano chotupa chili poyera. Gracian anadzidzimuka, nayang'ana uku ndi uku kufuna kothawira, koma kumbuyo kwake kunali khoma. Anagwetsa maso pansi. Mapazi a apongozi ake anabwera n'kuima patsogolo pake penipeni, pafupi kuposa mmene anayandikirirapo chikwatirire.

"Mlongo, mwatani?" anafunsa a Pearson. "Simukuona kuti pali mkamwini?"

A Nankhoma anagwada, natambasula manja onse awiri kwa Gracian.

"Apongozi," anatero, mawu akutuluka movutikira, "ndipatseni nsalu yanga imene mwaipeza kunsi kwa paipi. Ndinamanga ndine. Achimwene aione kaye, kenaka anene amene akuchoka pamudzi pano."

Gracian anapisa m'thumba, natulutsa kansalu kaja kakudontha madzi, n'kukaika m'manja mwawo, iyenso ndi manja awiri.